Lipoti: nthiti ya ku Leicester, ndi zaka 100 zimene nsomba zinawonjezera

Lipotili likunena za kuyezedwa kwa mafupa a mwamuna wina amene anafukulidwa mumzinda wa Leicester ku England mu 2012, amene pambuyo pake anadziwika kuti ndi Mfumu Richard III. Ndatsata manambala amene malabotale awiri anatulutsa poyera, ndipo ndawawerengeranso ndekha monga timachitira pa fupa lililonse limene latifikira. Chimene ndasankhira nkhaniyi n'chakuti chaka chimene munthuyu anafa chimadziwika kuchokera m'mabuku a mbiri, koma yankho loyamba la njira yoyezera zaka za mafupa ndi kaboni-14 linalozera kumbuyo kwa chakacho. Makina sanalakwitse. Chimene chinasokoneza ndi ndiwo zimene munthuyu ankadya.

Manda ndi funso lake

Richard III anabadwa mu 1452 ndipo anaphedwa pa nkhondo ya ku Bosworth pa 22 Ogasiti 1485, ali ndi zaka 32. Zolembedwa zakale zimati anaikidwa m'tchalitchi cha ansembe a chipani cha Fransisko Woyera ku Leicester. Nyumba ya ansembeyo inatsekedwa mu 1538, m'nthawi ya Henry VIII, kenako inagwetsedwa, ndipo malowo pomalizira pake anasanduka poimikapo magalimoto. Akatswiri a Yunivesite ya Leicester, motsogozedwa ndi a Richard Buckley, anayamba kukumba pa 25 Ogasiti 2012, ndipo tsiku lomwelo anaona mafupa a miyendo. Kumayambiriro kwa Seputembala a Jo Appleby, katswiri wa mafupa, anafukula mafupa onse. Msana unali wopindikira kumbali, chibade chinali ndi mabala a zida zakuthwa, ndipo mapazi kunalibe chifukwa omanga a m'zaka za pambuyo pake anawadula pokumba.

Funso limene labotale inapatsidwa linali lopapatiza kwambiri: kodi munthuyu angakhale kuti anafa mu 1485? Ansembewo anakhala pamalopo zaka pafupifupi 300, ndipo anaikapo anthu ambiri. Kaboni akanasonyeza zaka za m'ma 1300, nkhani ikanathera pomwepo. Tizidutswa ta nthiti tinatumizidwa kumalo awiri, ku labotale ya SUERC ku Scotland ndi ku labotale ya Yunivesite ya Oxford, ndipo labotale iliyonse inayeza kawiri.

Chimene timayeza m'fupa

M'mlengalenga, cheza chochokera kunja kwa dziko lapansi chimasandutsa nayitirojeni wina kukhala kaboni-14. Kaboni ameneyu amalowa mu mpweya umene zomera zimakoka, nyama n'kudya zomerazo, ife n'kudya zonse ziwiri. Ndi wochepa zedi: pa maatomu a kaboni 1,000,000,000,000 a m'thupi la chamoyo, limodzi lokha ndilo la kaboni-14. Chamoyo chikafa chimaleka kulandira watsopano, ndipo amene analipo amabwerera pang'onopang'ono kukhala nayitirojeni. Pakatha zaka 5,730 theka limakhala litapita.

Sitiyeza fupa lonse. Mbali yake youma ngati mwala imasinthana kaboni ndi madzi a m'nthaka, choncho siyodalirika. Timafuna kolajeni, puloteni yolimba ija imene imasungunuka n'kupanga msuzi wonanda mukaphika mapazi a ng'ombe nthawi yaitali. Timapala kunja kwa fupa, n'kusinja kachidutswa kosapitirira galamu imodzi. Ufawo timauviika mu asidi wofooka mpaka mbali youma ija itasungunuka, kenako m'mankhwala a soda kuti tichotse utoto wa zinyalala zowola za m'dothi, n'kubwezanso mu asidi. Zotsalazo timaziwiritsa pang'onopang'ono, pa madigiri 75 kapena chapompo, usiku wonse, n'kusefa. Ku Oxford amagwiritsanso sefa yachiwiri yosalala kwambiri imene imasunga tizingwe tatitali ta kolajeni n'kutaya tatifupi, chifukwa zonyansa zambiri zimakhala pakati pa tatifupito. Zikauma zimakhala zoyera, zopepuka ngati thonje.

Tisanapitirire timaona zinthu ziwiri. Kolajeni akachepera 1 peresenti ya kulemera kwa fupa, timayamba kukayika. Ndiponso m'kolajeni wabwino, pa atomu iliyonse ya nayitirojeni pamakhala maatomu a kaboni pakati pa 2.9 ndi 3.6. Nambala ikakwera kupitirira pamenepo ndiye kuti mwalowa kaboni wachilendo, ndipo ine sindilemba chaka pa fupa loterolo, ngakhale wolitumizayo akakamire chotani.

Kolajeni woyerayo amawotchedwa kukhala mpweya, mpweyawo n'kusandutsidwa girafaiti, kaboni wakuda uja wa m'pensulo, wolemera pafupifupi miligalamu imodzi, ndipo makina othamangitsa maatomu amawerenga kaboni-14 mmodzimmodzi. Chimene chimatuluka ndi gawo lotsala, limene timalemba kuti F, poyerekeza ndi muyezo wa chaka cha 1950.

Kuchoka pa gawo lotsala kufika pa zaka

Masamu ake ndi afupi:

t = −8033 × ln(F)

Nambala ya 8033 imachokera pa zaka 5,568, zimene a Willard Libby, amene anayambitsa njirayi kumapeto kwa zaka za m'ma 1940, ankayesa kuti ndiyo nthawi yothera theka. Inapezeka kuti ndi yochepa pang'ono, koma malabotale onse anagwirizana kuisunga kuti zotsatira zakale ndi zatsopano zizifanana, ndipo kusiyanako kumakonzedwa pa sitepe yotsatira. Yankho limatchedwa zaka za kaboni, ndipo limalembedwa ndi zilembo BP, kuwerenga chobwerera m'mbuyo kuchokera mu 1950.

Ku Scotland anapeza zaka za kaboni pafupifupi 440, ku Oxford pafupifupi 480. Ziyezo zinayi zonse zikaphatikizidwa, motsamira pa zimene zinali ndi chikayiko chochepa, zimapereka 450 kapena chapompo. Tikabwerera chammbuyo ndi masamu aja, zaka 450 zikutanthauza kuti F ndi 0.9455. M'nthiti munali mutatsala 94.55 peresenti ya kaboni-14. Pa zaka zonsezi munthuyu ali m'manda, chimene chinapita n'choposa pang'ono 5 peresenti, ndipo chigamulo chonse chagona m'kagawo kameneka. Peresenti imodzi ya F ndi zaka pafupifupi 80. Kusiyana kwa zaka 40 pakati pa malabotale awiriwo ndi theka la peresenti basi, ndipo kwa ine kumeneku n'kugwirizana kovomerezeka.

Pano pali msampha umene ophunzira ambiri amagwamo. Ukachotsa 450 pa 1950 umapeza 1500, ndipo mtima umakuuza kuti zatheka, 1485 ili pafupi. Kugwirizanaku n'kwamwayi chabe. Masamu aja amaganiza kuti kaboni-14 wa mumpweya wakhala wofanana nthawi zonse, pamene amakwera ndi kutsika malinga ndi mphamvu ya dzuwa ndi maginito a dziko. Chimene chimatiwongola ndi mitengo. M'mayiko ozizira mtengo umawonjezera mkombero umodzi m'thunthu chaka chilichonse, ndipo mkomberowo umasunga kaboni wa chaka chimenecho. Akatswiri analumikiza mikombero ya mitengo yamoyo, ya milimo ya nyumba zakale ndi ya zipika zofukulidwa m'matope mpaka kufika zaka zoposa 12,000 m'mbuyo, n'kuyeza kaboni wake. Pamenepo panatuluka mzere wotchedwa IntCal, umene umasonyeza zaka za kaboni zoyenderana ndi chaka chilichonse cha pakalendala.

Pa mzere umenewu, zaka za kaboni 450 sizigwera pa 1500. Zimagwera cha m'ma 1440. Zotsatira za ku Scotland zinapereka 1430 mpaka 1460, za ku Oxford 1412 mpaka 1449. Kutengera pamenepa, munthu wa m'mandamo anafa Richard III ali mwana, kapena asanabadwe n'komwe.

Zifukwa zimene tinayenera kuziyesa

Fupa likaoneka lokalamba kuposa mmene tikuyembekezera, choyamba timavomereza kuti mwina ndi la munthu wina. Chachiwiri ndi kudetsedwa. Apa ndi bwino kuwerengera, chifukwa kudetsedwa sikugwira mofanana pa zinthu zonse. Kaboni wamakono wokwana 1 peresenti akalowa m'fupa la zaka 40,000, amalichotsera zaka pafupifupi 7,000, chifukwa kaboni-14 wake weniweni amakhala atatsala wosakwana 1 peresenti, ndipo mlendoyo amamuposa mwini nyumba. Ichi ndicho chifukwa chake njirayi imathera pa zaka 50,000 kapena chapompo. Koma pa fupa la zaka 450, kaboni wamakono yemweyo amasuntha yankho ndi zaka zisanu zokha. Woopsa pa fupa latsopano chonchi ndi kaboni wakufa, wopanda kaboni-14 ngakhale pang'ono, monga wa mafuta a galimoto, phula kapena guluu wopangidwa kuchokera ku mafuta. Peresenti imodzi ya ameneyu imawonjezera zaka 80. Pamalo oimikapo magalimoto, munthu ayenera kuganizira zimenezi. Komabe malabotale awiri, otsuka m'njira zosiyana, akafika pafupifupi pamodzi, n'kovuta kukhulupirira kuti onse anasiya dothi lofanana kuchuluka kwake.

Chachitatu ndi msinkhu wa kolajeni mwiniwake. Fupa limadzikonzanso munthu ali moyo, koma osati tsiku limodzi, choncho kaboni wake ndi wa zaka zingapo imfa isanafike. Fupa la ntchafu limasunga chakudya cha zaka 10 mpaka 15 zomalizira, pamene nthiti imasunga cha zaka ziwiri mpaka zisanu. Kusankha nthiti kunali kwanzeru, ndipo kuchedwa kwake sikungafike zaka 40.

Chatsala ndi chakudya, ndipo apa ndipo pali mtima wa nkhaniyi.

Nyanja yamchere ili ngati nkhokwe imene mwini wake amathira chimanga chatsopano pamwamba chaka ndi chaka osatapa cha pansi: ukachivundula n'kutapa dengu limodzi, mumakhala cha chaka chino ndi cha zaka zapitazo. Madzi a pamwamba amalandira kaboni watsopano kuchokera mumpweya, koma a pansi amatha kukhala zaka mazana, ngakhale kuposa 1,000, osaonana ndi mpweya, kaboni-14 wawo akungotha. Madzi amenewa akakwera n'kusakanikirana ndi a pamwamba, tizomera ta m'nyanja timatenga kaboni wosakanizayo, nsomba n'kutengera kwa tizomerato. Zotsatira zake, nsomba ya m'nyanja yamchere imene yaphedwa lero ikayezedwa imaoneka ngati inafa zaka pafupifupi 400 nkhosa ya tsiku lomwelo isanafe. Munthu wodya nsombayo amamanga mafupa ake ndi kaboni wokalamba kale.

Tingadziwe bwanji kuti munthu amene anafa kalekale ankadya nsomba zochuluka motani? Kolajeni yemweyo amanena. Muli mitundu ina iwiri ya maatomu imene siitha ndi nthawi, kaboni-13 ndi nayitirojeni-15, ndipo labotale iliyonse yabwino imaiyeza pa fupa lililonse, kaya pali vuto kaya palibe. Ndikutsindika zimenezi chifukwa ena amaganiza kuti akatswiri anapita kukafunafuna chifukwa chosunthira chaka ataona kuti sichikuwakomera. Manambala a chakudya anatuluka limodzi ndi a zaka, ndipo fupa la munthu wosadziwika lokhala ndi manambala omwewo likanakonzedwa chimodzimodzi.

Nayitirojeni-15 amakwera sitepe iliyonse pamene chamoyo chidya chinzake. Wodya udzu amakhala ndi wochepa, wodya nyama wochulukirapo, ndipo wodya nsomba zimene zimadya nsomba zinzake amakhala pamwamba. M'nthiti ya ku Leicester nambala yake inali pafupifupi 15, yomwe ndi yokwera kwambiri kwa munthu wa ku England wa nthawi imeneyo. Kaboni-13 ndiye amathandiza kuwerengera. Ku Ulaya wakumpoto, munthu wodya za kumtunda zokhazokha amakhala ndi nambala pafupifupi −21, ndipo wodya za m'nyanja yamchere zokhazokha amafika pafupifupi −12.5. Pakati pake pali masitepe 8.5. Nthitiyi inagwera pakati pa −18 ndi −19, kutanthauza kuti inasuntha masitepe awiri ndi pang'ono kulowera kunyanja. Ukagawa, umapeza kuti choposa pang'ono gawo limodzi mwa magawo anayi a puloteni ya munthuyu chinachokera m'nyanja.

Zimenezi zikugwirizana ndi moyo wa nthawiyo. Mpingo unkaletsa nyama Lachisanu lililonse, nyengo yonse ya Lenti ndi masiku ena ambiri. Osauka ankadya nyemba ndi phala, pamene olemera ankadya nsomba. Kafukufuku wina amene anatsogolera a Angela Lamb, wotuluka mu 2014, anayerekeza mano, fupa la ntchafu ndi nthiti, n'kupeza kuti nayitirojeni-15 anakwera m'zaka zomalizira za moyo wa munthuyu, zomwe zikufanana ndi nthawi imene Richard anali pampando, kuyambira mu 1483.

Kukonza, ndi mtengo wake

Gawo limodzi mwa anayi la zaka 400 ndi zaka 100. Tikachotsa 100 pa 450 tipeza zaka za kaboni pafupifupi 350. Pakompyuta sitichotsa motere. Pulogalamu ya OxCal imasakaniza mzere wa kumtunda ndi wa m'nyanja molingana ndi magawo a chakudya, koma yankho lake silitalikirana ndi la pamanjali.

Kukonzaku kuli ndi mtengo umene malipoti a m'nyuzipepala sanautchule kawirikawiri. Makina anayeza molondola mpaka zaka khumi ndi zingapo uku ndi uku. Koma gawo la nsomba sitingalidziwe molondola chomwecho. Mwachizolowezi timaliikira chikayiko cha 10 peresenti mbali iliyonse, ndipo 10 peresenti ya zaka 400 ndi zaka 40. Kulondola konse kwa makina kumamira m'chikayiko cha ndiwo. Wina akandiuza kuti tiyeze nthiti yomweyo kakhumi kuti chaka chipapatize, ndimamuyankha kuti ndalamazo zingapite pachabe, chifukwa chimene chikutisowa si kuwerenga maatomu ayi.

Vuto lachiwiri lili pa mzere wa mitengo. Kuyambira cha m'ma 1480 mpaka cha m'ma 1630 mzerewu umagona n'kupindika, moti zaka za kaboni 350 zimaukhudza kawiri, koyamba kumapeto kwa zaka za m'ma 1400 ndi kumayambiriro kwa za m'ma 1500, kachiwiri chapafupi ndi 1600. Kaboni payekha sangasiyanitse nthawi ziwirizi. Chimene chinathandiza ndi malo a manda. Anali pansi pa tchalitchi, m'chigawo chimene ansembe ankaimbiramo mapemphero, ndipo tchalitchicho chinasiya kugwira ntchito mu 1538. Chaka chimenechi chinaikidwa m'masamu ngati malire, ndipo mbali ya 1600 inagwa.

Zotsatira zomalizira zimene yunivesite inalengeza zinali zakuti pali mwayi wa 68.2 peresenti kuti munthuyu anafa pakati pa 1475 ndi 1530, ndi wa 95.4 peresenti kuti anafa pakati pa 1450 ndi 1540. Chaka cha 1485 chili m'kati mwa zonse ziwiri.

Mmene ndikuonera, m'pofunika kunena mosabisa kuti malire a kumtundawo sanachokere m'fupa. Anachokera m'mbiri ya nyumbayo, ndipo ndi olimba malinga ngati n'zoona kuti palibe amene anaikidwa pamalopo tchalitchi chitatsekedwa. Ndikuvomereza kuti zimenezi n'zomveka, koma wowerenga ayenera kudziwa kuti ndi mbali iti imene atomu yanena ndi mbali iti imene munthu waika. Palinso nsomba za m'mitsinje ndi mbalame za m'madambo, zimene a Lamb ndi anzawo anati mwina ndizo zinakweza nayitirojeni m'zaka zomalizira. Madzi a m'mitsinje yodutsa m'miyala ya laimu amanyamulanso kaboni wakufa, ndipo kaboni-13 sasonyeza bwino gawo limeneli. Ngati linalipo, likanakankhira chaka chenicheni kutsogolo pang'ono, osati kumbuyo, choncho siligwetsa chigamulo, koma limatiletsa kunena kuti mpatawo ndi wopapatiza kuposa mmene unalembedwera.

Kaboni sananene kuti uyu ndi Richard III. Mwamuna aliyense wolemera amene anaikidwa m'tchalitchimo m'zaka 90 zimenezo akanakwana. Chimene anachita n'kuchotsa zaka pafupifupi 200 zoyambirira za nyumba ya ansembeyo n'kusiya khomo lotsegula. Dzina linabwera ndi umboni wina: msinkhu wa zaka za m'ma 30, msana wopindika, mabala a nkhondo, ndi DNA ya mzere wa kuchikazi imene a Turi King anaifananiza ndi ya mbumba ya mchemwali wake wa mfumuyo, Anne wa ku York. Chilengezo chinachitika pa 4 Febuluwale 2013, ndipo mafupawo anaikidwanso m'tchalitchi chachikulu cha Leicester pa 26 Malichi 2015.

Wotengera njirayi kwathu asamale

Masamu a −21 ndi −12.5 aja anagwira ntchito chifukwa ku England wa nthawi imeneyo mbewu zonse, tirigu, balere, oti ndi nyemba, zinali za gulu limodzi la zomera, moti kaboni-13 akakwera, chifukwa chake chinali nyanja basi. Kwathu sizili choncho. Mapira, mawere ndi chimanga zili m'gulu lina, lomwe limakweza kaboni-13 monga zimachitira nsomba za m'nyanja yamchere, ndipo udzu umene ng'ombe zathu zimadya ndi wa gulu lomweli. Wina atatenga fupa la mlimi wakale wa ku Dedza kapena ku Chipata n'kuliwerengera ngati la ku Leicester, angapeze kuti munthuyo ankadya nsomba zambiri za m'nyanja imene sanaionepo, n'kuchotsa zaka mazana zimene sizinayenera kuchotsedwa. Kwa wa m'mphepete mwa Nyanja ya Malawi, amene usipa ndi chambo zinali ndiwo za tsiku ndi tsiku, nambala ya 400 siigwiranso, chifukwa nyanja iliyonse ya madzi opanda mchere ili ndi ukalamba wa kaboni wakewake umene uyenera kuyezedwa pawokha. Mzere wowongolera nawonso umasintha: kummwera kwa dziko lapansi timagwiritsa SHCal, chifukwa mpweya wa kuno umaoneka wokalambirapo ndi zaka makumi angapo.

Ndipo nthawi zambiri sitifika n'komwe pa mafunso amenewa, chifukwa kutentha ndi chinyezi zimawononga kolajeni msanga, fupa n'kutuluka mu asidi lopanda kanthu. Pamene kolajeni wapulumuka, chimene ndimapempha ofukula n'chakuti atumize fupa la munthu limodzi ndi chinthu cha kumtunda cha moyo waufupi chochokera m'manda omwewo, monga njere yopserera kapena fupa la mbuzi limene linaikidwa pamodzi ndi malemuyo. Khala la mtengo waukulu silikwanira, popeza mtima wa mtengo umatha kukhala utaleka kulandira kaboni zaka mazana mtengowo usanadulidwe. Njereyo imapereka chaka cha maliro, ndipo kusiyana kwake ndi fupa la munthu ndiko kuchuluka kwa zaka zimene nsomba zinawonjezera pamalo amenewo.